Mutu wa posita woti munthu auwerenge ali patali

Tiyerekeze kuti gulu la ophunzira lakonza zopita ku Champhira, kumwera kwa boma la Mzimba, limodzi ndi achipatala amene akapime anthu maso popanda kulipiritsa. Galimoto yapezeka, mafumu adziwitsidwa, ndipo malo aperekedwa pa bwalo la sukulu. Chatsala n'kuuza anthu. Mlembi wa komiti wakhala pa kompyuta n'kulemba mutu uwu pamwamba pa pepala: “Chidziwitso kwa anthu onse a ku Champhira ndi madera ozungulira chokhudza mwayi wopimitsa maso kwaulere”. Pansi pake waika mayina a mabungwe, dzina la mlendo wolemekezeka, tsiku, malo ndi mawu othokoza, zonse m'zilembo zofanana kukula.

Palibe bodza lililonse pa pepalali, koma agogo amene maso awo achita khungu, omwe ndi eni ake a mwayiwu, adzadutsa pamtengo pamene lamatidwa osadziwa kuti likunena za iwo. Tsikulo likadzafika achipatala adzakhala chogwira m'chiuno, mafuta a galimoto atapita pachabe.

M'phunziro lino tikonza posita imeneyi pogwiritsa ntchito zinthu zitatu: msinkhu wa zilembo, kunenepa kwake, ndi kusiyana kwa zilembozo ndi pepala limene zakhalapo. Zitatuzi zili ndi ntchito imodzi, yomwe ndi kuuza diso choti liyambe kuwerenga, chotsatira, ndi chomalizira.

Yambani ndi munthu amene akudutsa

Musanatsegule kompyuta, ganizani za malo amene positayo ikamatidwe. Ku Champhira ndi ku Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, posita imamatidwa pakhoma la golosale, pachigayo, pamtengo wa pafupi ndi msika kapena pamene anthu amadikirira minibasi. Woiona ndi mayi amene wasenza dengu la tomato, kapena bambo wa kabaza amene maso ake ali pamsewu. Sanabwere kudzawerenga. Amaponya diso kamodzi, ndipo ngati sanatolepo kanthu amapitirira.

Munthu wotere amadzifunsa mafunso atatu motsatizana. Loyamba: n'chiyani ichi, ndipo chikundikhudza? Akaona kuti chikumukhudza amayandikira n'kufunsa lachiwiri: liti, kuti? Akatsimikiza zopita amaima pafupi n'kufunsa lachitatu: akonza ndani, nditenge chiyani? Mafunso atatuwa ndiwo magawo atatu a posita. Gawo loyamba, lomwe ndi mutu, limawerengedwa patali. Lachiwiri limawerengedwa munthu atayandikira mapazi angapo. Lachitatu limawerengedwa ataima pamaso pa pepala.

Pamsonkhano wa pamudzi timadziwa kuti anthu sayankhula onse nthawi imodzi. Pali woyamba, pali wotsatira. Kusiyana kwake n'kwakuti pa posita woyamba kuyankhula si wolemekezeka kuposa onse, koma uthenga umene ungaimitse munthu wodutsa. Apa ndi pamene makomiti ambiri amakangana, chifukwa mwaulemu wathu timafuna dzina la mlendo wolemekezeka kapena la bungwe likhale pamwamba. Ulemuwo uperekedwe m'gawo lachitatu, molembedwa bwino ndi mosalakwitsa. Dzina limakhala mutu pokhapokha ngati dzinalo ndilo likukoka anthu, monga woimba wotchuka pa posita ya zoimbaimba.

Dulani mawu kuti zilembo zikule

Pepala lili ndi malire, choncho mawu akachuluka zilembo zimachepa. Chiganizo cha mlembi chija chili ndi mawu 15. Tichotse “chidziwitso”, chifukwa aliyense akuona kuti ndi chidziwitso. Tichotse “kwa anthu onse a ku Champhira”, chifukwa pepalalo lamatidwa ku Champhira komweko. Tichotsenso “chokhudza mwayi”, mawu amene sakuonjezera kanthu. Zotsala ndi zimene munthu angauze mnzake pamsika: KUPIMA MASO ULERE.

Tasankha “kupima” osati “kuyeza” pa zifukwa ziwiri. Anthu ambiri a ku Champhira amayankhula Chitumbuka, ndipo “kupima” ndi “maso” amamveka m'zinenero zonse ziwiri. Chifukwa chachiwiri n'chakuti mawu awiriwa ali ndi zilembo zisanu ndi chimodzi onse, koma “kupima” muli I, chilembo chopyapyala, kotero amatenga malo ochepa. Tasankhanso “ulere” m'malo mwa “kwaulere”, ndipo tiona posachedwa kuti zilembo zitatu zimene tachotsazo zikutipatsa chiyani. Musanasindikize, muonetse mawu onse kwa munthu wa komweko. Mwina akulangizani kuti tsiku ndi malo zilembedwe m'Chitumbuka, ndipo mumumvere.

Msinkhu: werengerani kuchokera pa mtunda

Kukula kwa zilembo sitiyerekeza ndi maso pa sikirini. Timayamba ndi mtunda umene wowerenga adzaimepo.

Bolodi la zilembo limene achipatala amapimira maso linakonzedwa ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, mu 1862. Pa bolodi limeneli munthu wa maso abwino, ataima pa mtunda wa mamita 6, amazindikira chilembo chotalika pafupifupi mamilimita 9. Koma pamenepo ndi pa malire: munthu waima chilili, malo ndi owala bwino, ndipo akuyesetsa kuti aone. Munthu amene achipatala amulembera 6/18 amafunika chilembo chachikulu katatu, cha mamilimita pafupifupi 26, pa mtunda womwewo. Posita yathu ikuitana anthu a maso otere.

Ndiye tigwiritse ntchito lamulo losavuta ili: sentimita imodzi ya msinkhu wa chilembo pa mamita awiri alionse a mtunda. Pa mamita 6 lamuloli likupereka masentimita 3, zomwe zikupitirira pang'ono mamilimita 26 aja. Si lamulo la boma, ndipo akatswiri a zikwangwani amasiyana pang'ono pa manambala ake, koma ndi poyambira pabwino. Ngati njira imene anthu amadutsa ili pa mamita 10 kuchokera pakhoma, zilembo za mutu zikhale zotalika masentimita 5.

Tsopano tisinthe masentimita kukhala manambala a pa kompyuta. Kukula kwa zilembo kumayezedwa m'mapoyinti, ndipo mapoyinti 72 ndi inchi imodzi, kapena kuti masentimita 2.5. Apa pali msampha. Nambala ya mapoyinti simsinkhu wa chilembo chenicheni, chifukwa imawerengeranso malo a michira ya zilembo monga g ndi y. M'fonti ya Arial, chilembo chachikulu chimatenga pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a nambalayo. Zikatero, njira yachidule ndi iyi: sentimita iliyonse ya chilembo chachikulu imafuna mapoyinti pafupifupi 40. Masentimita 5 ndi mapoyinti 200.

Ambiri amaima pa 72 chifukwa mu Microsoft Word mndandanda wa manambala umathera pomwepo. Zilembo za mapoyinti 72 n'zosakwana masentimita awiri, zowerengeka pa mamita osafika anayi. Dinani m'kabokosi ka nambalako, lembani 200 ndi dzanja lanu, kenako dinani Enter.

Tiike mawu pa pepala la A3

Pepala la A3 ndi la mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali, kukula kwa mapepala awiri a A4. Tisiye mamilimita 15 mbali iliyonse, chifukwa mapulinta ambiri safika m'mphepete, ndiponso ndi momwe mudzadutse tepi kapena misomali. M'lifupi mwatsala mamilimita 267, m'litali 390.

Mutu wonse pa mzere umodzi sungatheke. Zilembo zingatsike kufika pa masentimita osakwana awiri. Choncho liwu lililonse likhale pa mzere wakewake, ndipo tilikulitse mpaka lidzaze m'lifupi. Mu Arial yonenepa, imene mumaipeza podina Bold, zimatuluka motere.

KUPIMA amakwana pa mapoyinti 190, ndipo zilembo zake n'zotalika pafupifupi masentimita 5. MASO, pokhala liwu lalifupi, amafika pa mapoyinti 250, masentimita 6 ndi pang'ono, owerengeka pa mamita 12. ULERE amakwana pa mapoyinti 220, masentimita 5 ndi theka. Tikanasunga KWAULERE akanakwana pa mapoyinti 130 okha, masentimita atatu ndi pang'ono, ndipo mtunda wowerengera ukanatsika kuchoka pa mamita 11 kufika pa mamita 6 kapena 7. Zilembo zitatu zija zikanatidyera mamita opitirira anayi.

Onani kuti liwu lalikulu kuposa onse ndi MASO, ndipo ndilo liwu limene munthu wa vuto la maso angaime nalo. Izi zatiyendera bwino, koma sizichitika nthawi zonse. Njira yodzaza mzere imakulitsa liwu lalifupi, kaya ndi lofunika kaya ayi. Mutu utakhala “Tsiku la Masewera”, kaliwu koti “la” sikayenera kukhala pa mzere wakewake n'kukula kuposa “masewera”. Kaphatikizeni ndi “tsiku” pa mzere wocheperako.

Mizere itatu ya mutu iyandikane, mpata wa sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono pakati pake, kuti diso liione ngati chinthu chimodzi. Word amasiya mpata waukulu pakati pa mizere ya zilembo zazikulu, choncho muuchepetse pa Line Spacing, kapena muike liwu lililonse m'bokosi lakelake. Mutu wonse utenga pafupifupi masentimita 19, theka la pepala. Musachite nazo mantha. Pa posita yabwino mutu umatengadi malo otere.

Gawo lachiwiri ndi mizere itatu, mwachitsanzo: “Lachitatu, 14 Meyi”, “8 koloko m'mawa”, “Pa bwalo la sukulu”. Tiike pa mapoyinti 72. Gawo lachitatu, lonena amene akonza, mlendo wolemekezeka, ndi pempho loti anthu atenge buku lawo la kuchipatala, likhale pa mapoyinti 28. Kuchoka pa 190 kufika pa 72, ndi kuchoka pa 72 kufika pa 28, paliponse tagawa ndi pafupifupi ziwiri ndi theka. Nambala yeniyeni si nkhani. Chofunika n'chakuti gawo lililonse likhale losachepera kawiri kukula kwa gawo lotsatira. Mukaika 72, 60 ndi 48, diso silidziwa kuti wamkulu ndani, ndipo limaona ngati mwalakwitsa.

Pomaliza, siyani mpata woonekera pakati pa magawo, waukulu kuposa mpata wa pakati pa mizere ya gawo limodzi. Masentimita awiri akwana. Malo opanda kanthu amenewa si otayika. Ndiwo amalekanitsa funso loyamba ndi lachiwiri.

Kunenepa kwa zilembo

Zilembo ziwiri zingakhale zofanana msinkhu, koma china chowonda ngati udzu, china chonenepa ngati nzimbe. Patali chowonda chimasowa msanga, chifukwa diso limasakaniza kamzere kakuda ndi kuyera kwa pepala. Pa bolodi la Snellen, mzere wa chilembo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a msinkhu wake. Arial yonenepa ili pafupi ndi muyeso umenewu: pa chilembo cha masentimita 5, mzere wake ndi pafupifupi sentimita imodzi. Arial wamba ili pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri, ndipo imagwira bwino pa zolemba zowerengera pafupi.

Kunenepa kukapitirira kumabweretsa vuto lake. Chilembo timachizindikira ndi mabowo ndi mipata yake: bowo la mu O, katatu ka mu A, mipata iwiri ya mu E. Fonti ikanenepa kwambiri mabowowa amachepa, ndipo patali amatsekeka. Fonti ya Impact, imene ambiri amaikonda chifukwa ndi yopanikizika ndipo imalowetsa mawu aatali, ili ndi vuto limeneli: zilembo zimatalika, koma mipata yake ndi yopapatiza. Ngati liwu lanu ndi lalitali kwambiri, yesani fonti yopanikizika, koma muonjezere pang'ono mpata pakati pa zilembo, ndipo mukaiyese patali musanaikhulupirire.

Chimene simuyenera kuchita ndi kukoka zilembo ndi mbewa ya kompyuta kuti zikwane. Mukazifinya m'mbali, mizere yoimirira imawonda pamene yopingasa ikhalabe yonenepa, ndipo O amaoneka ngati dzira lophwanyika. Pewaninso mafonti okhotakhota ngati a pa khadi la ukwati, komanso mithunzi ndi mizere yozungulira zilembo. Zonsezi zimadya mipata ija.

Kunenepa kumagwira ntchito chifukwa pali china chosanenepa pambali pake. Mukanenepetsa zonse, palibe chimene chanenepa. Pa posita yathu mutu ndi wonenepa. M'gawo lachiwiri tinenepetse mzere wa tsiku wokha, chifukwa ndi umene munthu ayenera kuuloweza. Nthawi ndi malo zikhale za wamba. Gawo lachitatu lonse likhale la wamba. Banja limodzi la fonti, lonenepa ndi la wamba, lakwanira pa posita yonse.

Nanga zilembo zazikulu zokhazokha? Pa mawu atatu aafupi zimagwira bwino, chifukwa zimadzaza mzere mofanana ndipo mizere imatha kuyandikana. Pa chiganizo chachitali zimatopetsa, chifukwa mawu onse amaoneka ngati njerwa zofanana, komanso zimatenga malo ambiri. Mzere wa tsiku uja, pa mapoyinti 72, umakwana bwino m'zilembo zosakaniza, koma m'zilembo zazikulu zokhazokha umadzaza pepala mpaka m'mphepete.

Kusiyana kwa zilembo ndi pepala

Patali diso limadalira kwambiri kusiyana kwa kuwala ndi mdima kuposa kusiyana kwa mitundu. Mitundu iwiri ingasiyane dzina koma n'kukhala yofanana kuda kwake. Okonza zolemba za pa sikirini ali ndi muyeso wa kusiyanaku, wochokera pa 1, pamene palibe kusiyana, kufika pa 21, pamene pali chakuda bii pa choyera mbee. Malangizo awo, otchedwa WCAG, amati zilembo zazing'ono zifike pa 4.5 ndipo zazikulu pa 3. Muyesowu ndi wa pa sikirini osati wa pa pepala, koma umatiphunzitsa zambiri.

Chakuda pa chikasu chowala chimapitirira 19, n'chifukwa chake awiriwa amaoneka bwino chonchi. Chofiira chowala pa choyera chili pa 4 pokha. Choyera pa chikasu chili pafupi ndi 1, ndiye kuti sichioneka n'komwe. Chofiira pa chobiriwira sichifika ngakhale pa 1.5. Chomalizachi tichisamale, chifukwa pa zochitika za dziko timakopeka kugwiritsa ntchito mitundu ya mbendera yathu, yakuda, yofiira ndi yobiriwira. Pa mbendera mitunduyi ili m'mizere yakeyake ndipo palibe choti tiwerenge. Koma zilembo zofiira pa pepala lobiriwira zimanjenjemera m'maso, ndipo pali anthu, makamaka amuna, amene mwachibadwa amavutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi.

Kumbukiraninso ulendo umene positayo iyende. Kawirikawiri timasindikiza imodzi n'kuchulukitsa zotsalazo pa makina a fotokope a inki yakuda yokha. Makinawa amasandutsa chofiira ndi chobiriwira kukhala zotuwa zofanana, ndipo mutu umamira. Zilembo zoyera pa pepala lakuda zimaoneka zokongola pa sikirini, koma makina otopa amatulutsa chakudacho chili ndi mizeremizere yotuwa, komanso zimadya inki yambiri. Chithunzi choikidwa kumbuyo kwa mawu chimasanduka matope. Pa posita yathu njira yodalirika ndi zilembo zakuda pa pepala loyera, kapena pa pepala lachikasu ngati lapezeka, ndipo kumbuyo kwa mutu kusakhale kanthu.

Pepala likamatidwa, dzuwa limafufutitsa mitundu, ndipo inki yofiira ndi yachikasu ndi imene kawirikawiri imayamba kutha. Inki ya madzi ya mapulinta aang'ono imasungunuka ikanyowa ndi mvula kapena mame, pamene ufa wakuda wa makina a fotokope susungunuka. Ena amavala pepala pulasitiki kuti lisanyowe, koma pulasitiki imanyezimira dzuwa likawomba, ndipo mutu umabisika. Ndi bwino kumata pansi pa khonde. Yang'ananinso khoma lenilenilo: pepala loyera pa khoma la laimu limasowa malire, pamene lachikasu limaonekera, pa khoma la njerwa zofiira loyera ndilo limaonekera.

Ngati mukufuna mtundu umodzi woonjezera, uikeni pa chinthu chimodzi chokha, monga kamzere konenepa kolekanitsa mutu ndi tsiku. Posita iyenera kumvekabe mtunduwo utachoka.

Ngati palibe kompyuta

Magetsi akazima kapena ndalama zosindikizira zikasowa, malamulo ndi omwewa. Tengani pepala lalikulu la pa bolodi la misonkhano, lomwe kukula kwake kuli pafupi ndi A1, kawiri m'lifupi ndi m'litali poyerekeza ndi A3. Miyeso yonse ichulukitseni kawiri: KUPIMA akhale wa masentimita 10, owerengeka pa mamita 20.

Ndi pensulo ndi rula, jambulani mizere iwiri ya pamwamba ndi pansi pa liwu lililonse. Gawani m'lifupi molingana ndi zilembo, koma mupatse M ndi W malo ambiri ndipo I ochepa. Lembani kaye liwu lonse ndi pensulo. Vuto lodziwika la posita za pamanja ndi liwu loyamba ndi zilembo zazikulu n'kuthera ndi tizilembo topanikizana m'mphepete, ndipo pensulo ndiyo mankhwala ake. Cholembera cha maka chimalemba mzere wa mamilimita ochepa chabe, pamene chilembo cha masentimita 10 chikufuna mzere wa masentimita awiri. Choncho jambulani mpanda wa chilembo n'kudzaza mkati mwake. Chilembo chachitali cha mzere umodzi wa maka chimaoneka chachikulu muli pafupi, koma patsidya pa msewu chimasowa.

Kuyesa musanachulukitse

Sindikizani imodzi yokha pa kukula kwake kwenikweni, muimate panja, osati m'chipinda, ndipo muiyese njira zinayi.

Yoyamba ndi ya mtunda. Bwererani m'mbuyo mapazi aakulu khumi ndi awiri kapena atatu, omwe ndi pafupifupi mamita 10. Inu mukudziwa kale zimene mwalemba, choncho maso anu akunamizani. Itanani munthu amene sanaionepo, makamaka wachikulire, ndipo mumupemphe mwaulemu kuti, “Agogo, tatiwerengereniko zimene zalembedwa apozo.” Akatchula zilembo zina n'kulephera zina, vuto ndi kunenepa kapena mipata. Akalephera zonse, vuto ndi msinkhu kapena kusiyana kwa mitundu.

Yachiwiri ndi ya nthawi. Onetsani mnzanu pepalalo kwa masekondi atatu, kenako mulitembenuze n'kumufunsa kuti kukuchitika chiyani. Akayankha ndi dzina la bungwe, ndiye kuti chizindikiro cha bungwe chakula mopitirira. Akati “ndi za chipatala, koma sindinamve bwino”, mawu a mutu achuluka kapena ndi ozungulira.

Yachitatu ndi yotsinzina. Tsinzinani pang'ono mpaka zilembo zisawerengeke. Muyenera kuona chinthu chimodzi chachikulu chakuda, china chocheperako pansi pake, ndi kachitatu kotuwa. Mukaona zinthu ziwiri zikulimbirana ukulu, chimodzi chichepe. Mankhwala a vutoli kawirikawiri ndi kuchepetsa zinazo, osati kukulitsanso mutu.

Yachinayi ndi ya foni. Jambulani positayo, musinthe chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera, ndipo muone ngati mutu ukadalipo. Izi zikuonetsani zimene fotokope idzachite. Kenako tumizani chithunzicho kwa mnzanu pa WhatsApp n'kuchiyang'ana asanachitsegule, chili chaching'ono. Posita zambiri masiku ano zimayendanso njira imeneyi, ndipo mutu umene wawerengeka pa mamita 10 umawerengekanso pa kachithunziko.

Malire a posita

Pepala la A3 ndi la anthu oyenda pansi ndi okwera njinga pang'onopang'ono. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, kotero wokwera minibasi pa M1 amakhala atadutsa asanamalize liwu loyamba. Ofuna kufikira anthu a m'galimoto alembe pa nsalu yaikulu, kapena amate posita pamene minibasi zimaima. Ndipo ena mwa amene tikuwaitana saona ngakhale zilembo za masentimita 6, ena sanaphunzire kuwerenga. Kwa iwo uthenga umafika kudzera mwa mdzukulu amene wawerenga, kapena m'zolengeza za kwa mfumu ndi kutchalitchi. Apanso mutu waufupi umathandiza, chifukwa mwana wa sukulu angathe kunyamula mawu atatu ndi tsiku mpaka kunyumba osataya kanthu panjira.

Ntchito yoti muyese

Pitani pa bolodi la zidziwitso la pa koleji kapena la kutchalitchi kwanu, musankhe posita imodzi, ndipo muyeze ndi rula msinkhu wa zilembo za mutu wake. Chulukitsani masentimitawo kawiri kuti mupeze mamita, kenako mukaime pa mtunda umenewo muone ngati lamulo lija likugwira. Mukatero lembaninso mutuwo m'mawu osapitirira anayi, muwerengere mapoyinti ake pa A3, ndipo muike posita yakale ndi yatsopano pakhoma limodzi. Funsani anthu asanu odutsa kuti ayamba kuwerenga iti, ndipo mulembe liwu loyamba limene aliyense watchula.